Kadongo ka DAC ka pafoni: musanagule, yambani mwaona mahedifoni anu

Funso lake limabwera motere nthawi zambiri: ndagula foni yopanda kabowo ka mahedifoni, ndayatsa Lossless mu apu ya nyimbo, ndiye ndigule DAC iti kuti ndizimva zenizeni? Munthu akalowa pa intaneti kukasaka amapezako tizida tangati chala, kena ka madola 9, kena ka madola 300, tonse tolembedwa manambala aakuluakulu ngati 32-bit/384kHz, mutu nkuyamba kuwawa. Tizidati ambiri amangoti dongo, osati dongo loumbira mbiya ayi, dzina lomwe lija tinkatchulira timamodemu ta intaneti tobaya pa laputopu. Tiyeni tizitenge pang'onopang'ono, chifukwa mawu anayi kapena asanu okha ndi amene akusokoneza anthu apa.

Losilesi ndi chani kwenikweni

Chiyambi chake ndi CD. Pomwe Sony ndi Philips ankatulutsa CD mu 1982, anagwirizana kuti phokoso lizyezedwa ka 44,100 pa sekondi iliyonse, ndipo muyezo uliwonse uzilembedwa ndi mabiti 16, kumanzere ndi kumanja. Mukawerengetsa zimenezo zimakwana makilobiti 1,411 pa sekondi, kapena tingoti pafupifupi 10MB pa mphindi imodzi ya nyimbo. Zaka za m'ma 1990 zimenezo zinali zolemera kwambiri pa makompyuta ndi intaneti ya nthawiyo, ndiye kunabwera MP3, yomwe nzeru yake ndi yotaya tizidutswa ta phokoso tomwe khutu silingatizindikire bwino, faelo nkuchepa kakhumi. Zotayidwazo zapita basi, sizibwereranso.

Losilesi ndi njira ina yochepetsera faelo koma osatayapo kanthu. Ganizani belo la kaunjika: zovala amazipanikiza mpaka kabelo kooneka kakang'ono, koma mukadula mawaya aja shati iliyonse imatuluka, palibe yasowa. MP3 ndi AAC ndi wogulitsa amene wachotsamo kaye zovala zomwe akuganiza kuti simuzifuna kuti katundu apepuke, ndipo kunena zoona amadziwa kusankha, nthawi zambiri simuzindikira kuti mwachoka kanthu. Mafaelo a losilesi odziwika ndi FLAC, yomwe inatuluka mu 2001, ndi ALAC ya Apple ya mu 2004, ndipo zonse ziwiri mukazitsegula zimabweza manambala omwe aja analowa, ndendende.

Chomwe chadzutsa nkhaniyi posachedwa nchakuti Apple Music inayamba kupereka losilesi mu Juni 2021 popanda kuwonjezera mtengo, Spotify nayo inayamba mu Seputembala 2025 kwa olipira m'mayiko ena. Koma Bluetooth wamba siyinyamula zonsezo. SBC ndi AAC, njira zomwe Bluetooth imatumizira mawu, zimapanikizanso nyimbo motaya zina, ngakhale LDAC ya Sony pa liwiro lake lapamwamba imalekera pa makilobiti 990, osafika 1,411 uja. Ndiye mukayatsa Lossless koma mukumvera pa timaiyafoni topanda chingwe, bandulo ikutha ngati ya losilesi pomwe chofika kukhutu chadulidwa kale panjira. Apa mpomwe chingwe chimabwereranso, ndipo chingwe chikufuna DAC.

Za bandulozi musazipepse. Manambala omwe Apple yokha imaonetsa mu zoikamo ndi akuti nyimbo ya mphindi zitatu imadya pafupifupi 6MB pa AAC, 36MB pa Lossless, ndi 145MB pa Hi-Res Lossless. Ola limodzi la losilesi ndi 700MB kupitirira. Kwa ife ogula deta ya pasabata, njira yake ndi kudaunilodera pa wayifai kapena kusunga mafaelo a FLAC mu memore, apo ayi mulira.

DAC yeniyeniyo

Mufoni nyimbo ndi manambala chabe. Sipika ya mu hedifoni siyiwerenga manambala, imangodziwa magetsi okwera ndi kutsika omwe amaikankha ndi kuikoka. DAC ndi kachipangizo kosandutsa manambala aja kukhala magetsi amenewo. Zili ngati pepala la manotsi a kwaya, do re mi zolembedwa bwinobwino, palibe amene angamve nyimbo poyang'ana pepalalo mpaka wina aime aziimba. DAC ndi woimbayo. Ndipo pambuyo pake pamakhala ampu, yomwe ndi mphamvu ya mmapapo mwake, kuti mawuwo afike kumbuyo kwa tchalitchi.

Mfundo yoyamba yodabwitsa ambiri ndi yakuti DAC muli nayo kale. Foni iliyonse yomwe imalira ili nayo, mahedifoni a Bluetooth ali ndi yawo mkati, ndipo ngati foni yanu ikadali ndi kabowo ka 3.5mm, ngati ma Tecno, itel ndi ma Samsung ena otchipirako, kumbuyo kwa kabowoko kuli DAC ndi ampu ndipo FLAC ya mulingo wa CD ikuseweredwa kale popanda kugula chilichonse. Tima DAC tobaya pa USB tinayambira pa makompyuta, DragonFly ya AudioQuest ya mu 2012 ndi imodzi mwa zodziwika, koma msika unaphulika Apple itachotsa kabowo pa iPhone 7 mu 2016 ena nkutsatira. Kuyambira pamenepo DAC ya mahedifoni inasamuka mufoni nkukakhala mu kachingwe.

Ndiye kadongo kamene mukugula kali ndi zinthu zitatu mkati: kolankhula ndi foni pa USB, DAC, ndi ampu. Otsatsa amakuwa za DAC, koma kusiyana komwe khutu limakumva msanga nthawi zambiri kumachokera ku ampu. Tifikako.

Kachingwe kopanda kanthu mkati

Apa mpomwe ine ndinapsa. Ndinagula kachingwe ka USB-C kupita ku 3.5mm pa benchi ina mumsika, wogulitsa anakayesa pa foni yake nyimbo nkumveka bwinobwino, ine kufika kunyumba kubaya pa yanga, zii, nyimbo ikungotulukira pa sipika ya foni ngati sindinabayepo kanthu. Kachingweko sikanali kowonongeka ayi. Munalibe DAC.

Mtundu umenewu ulipo ndithu ndipo si wachinyengo. Malamulo a USB-C analola kuti foni izitulutsa phokoso losandulizidwa kale kudzera pa timapini ta USB-C, ndiye kachingwe kamangokhala mawaya, ngati paipi yopanda pampu. Mafoni ena amachita zimenezo, koma Pixel, ma Samsung opanda kabowo ndi ma iPhone a USB-C, kuyambira iPhone 15 ya mu 2023, amatulutsa manambala okha, akufuna kachingwe kokhala ndi tchipi mkati. Kuzisiyanitsa ndi maso nkovuta chifukwa tchipiyo imabisala mu kamutu ka pulagi. Yang'anani pa paketi ngati palembedwa DAC kapena dzina la tchipi ngati CX31993 kapena ALC5686, ndipo njira yosanama ndi kukabaya pa laputopu ya USB-C: kokhala ndi DAC kamaoneka ngati chipangizo chatsopano cha phokoso, kopanda kanthu laputopu siyikaona nkomwe. Koposa zonse yesani pa foni yanu, osati ya wogulitsa.

Komanso ngati kadongo kali ndi DAC koma foni ili chete, musathamangire kukabweza. Mafoni ena monga a Oppo, Tecno ndi Infinix ali ndi swichi ya OTG mu zoikamo yomwe muyenera kuyatsa kuti foni ipereke magetsi ku chipangizo chobayidwa, ndipo pa ena imazima yokha pakapita mphindi khumi osaigwiritsa ntchito. Enanso anayatsa Disable USB audio routing mu Developer options kalekale nkuiwala.

Manambala aja a pa bokosi

32-bit/384kHz, ndiye kuti iposa ya 24-bit/48kHz kasanu ndi katatu? Ayi, sizikuyenda choncho. Nambala ya kHz ikunena kuti phokoso layezedwa kangati pa sekondi, ndipo masamu ake, omwe amatchulidwa ndi mayina a Nyquist ndi Shannon, amati muyezo umasunga bwinobwino mawu aliwonse osapitirira theka la nambalayo. Ndiye 44.1kHz imasunga mpaka cha pa 22kHz, pomwe khutu la mwana wathanzi limalekera pa 20kHz, ife akuluakulu tinatsika kale, ambiri sitimvanso za pamwamba pa 16kHz. Mabiti akunena za mtunda wa pakati pa phokoso lalikulu kwambiri ndi kaphokoso ka pansi ka chipangizocho. Mtunda umenewu umayezedwa mu dB, muyezo wa kukwera kwa phokoso, ndipo biti iliyonse ndi pafupifupi 6dB, ndiye mabiti 16 ndi 96dB, mabiti 24 ndi 144dB pa pepala, ndipo palibe kadongo komwe kamafikadi pamenepo chifukwa magetsi enieni ali ndi kaphokoso kawo. 32-bit ikungotanthauza kuti tchipi imalandira manambala aatali choncho.

Kuyerekeza kwake, sikelo ya pa golosale yoyeza mpaka galamu imodzi ndi yokwana kugulitsira shuga. Yoyeza tizigawo ta galamu ndi yolondola kuposa, palibe akukana, koma tiyi wanu sasintha kukoma. Mu situdiyo mabiti 24 ali ndi ntchito yeniyeni, amapereka malo osinthira ndi kusakaniza mawu popanda kuunjika phokoso. Pomvera pokha mpomwe anthu amatsutsana.

Chofunika kwa inu ndi ichi: nyimbo zambiri za losilesi zili pa 16-bit/44.1kHz kapena 24-bit/48kHz kutsika, ya Spotify imalekera pa 24-bit/44.1kHz, ndipo pafupifupi kadongo kalikonse ka DAC kamakwanitsa zimenezo, kuphatikizapo ka Apple ka madola 9 komwe kamalekera pa 24-bit/48kHz. Ngati mukufunadi ma 96kHz ndi 192kHz a Hi-Res, pamenepo ndiye mufunika kena, ndipo pafupifupi tonse ta tchipi za Cirrus Logic, ESS kapena AKM timafika. Chizindikiro cha MQA, njira ina yopanikizira nyimbo za Hi-Res, musachilipirire ndalama yowonjezera mukachiona pa bokosi, kampani yake inagwa mu 2023 ndipo Tidal, apu ya nyimbo yomwe inkaigwiritsa ntchito kwambiri, inaisiya mu 2024 nkupita ku FLAC.

Mphamvu: apa ndiye pagona nkhani

Hedifoni iliyonse ili ndi manambala awiri omwe anthu sawayang'ana, chonsecho ndi amene akukuuzani kadongo koti mugule. Yoyamba ndi maomu, kukana kwake magetsi. Yachiwiri ndi kumva kwake, kuti ikapatsidwa magetsi pang'ono imafuula bwanji, yolembedwa ngati dB/mW kapena dB/V. Ganizani thanki ya madzi ndi paipi. Mavoliti a kadongo ndi kutalika kwa pomwe thanki yakwezedwa, maomu ndi kuning'a kwa paipi. Paipi yotakasuka madzi amatuluka ngakhale thanki ili pa njerwa ziwiri, yoning'a imafuna thanki ya pa nsanja. Mahedifoni a maomu 250 kapena 300 anachokera ku masitudiyo ndi mawailesi komwe zipangizo zinali ndi mavoliti ambiri ndipo amalumikiza angapo pa mzere umodzi, pomwe a maomu 16 mpaka 32 anachuluka chifukwa cha timawailesi ta m'thumba toyendera mabatire.

Tiyeni tiwerengere zenizeni. Masamu ake ndi awa:

```
P = V * V / R
dB = S + 10 * log10(P)
```

P ndi mphamvu, V mavoliti a kadongo, R maomu, S ndi kumva kwa hedifoni pa miliwati imodzi, ndipo mu mzere wachiwiriwo P muyiike mu mamiliwati.

Mnzanga wina wojambula nyimbo ali ndi Beyerdynamic DT 770 Pro ya maomu 250, yomwe pa pepala lake amati 96dB pa miliwati imodzi. Amafuna aziimvera pa foni akakhala kunyumba. Pa kadongo ka voliti imodzi, 1 kuchulukitsa 1 kugawa ndi 250 ndi mawati 0.004, ndiye mamiliwati 4, zomwe zikuwonjezera 6dB, mathero ake 102dB voliyumu ili kumapeto. Pa ka theka la voliti ndi miliwati imodzi yokha, 96dB. Pa ka mavoliti awiri ndi mamiliwati 16, 108dB. Mwaona kale kachitidwe kake, mavoliti akawirikiza kawiri mumapeza 6dB.

Wina afunsa, 102dB si yogonthetsa kale? Ikanakhala yosalekeza inde. Koma nambala imeneyi ndi denga, osati pomwe mumamvera. Munthu amamvera cha pa 80 mpaka 85dB, koma ng'oma ikagunda kapena kwaya yonse ikalowa pamodzi phokoso limadumpha kwa kanthawi kochepa. Nyimbo za masiku ano zovinira zimapanikizidwa kale mu situdiyo, kudumpha kwake ndi cha pa 10dB, ndiye 85 ndi 10 ndi 95, voliti imodzi yakwana ndipo theka la voliti lili pa malire penipeni. Koma nyimbo za kwaya, jazi kapena za okesitira zojambulidwa mosapanikiza zimatha kudumpha 20dB, 85 ndi 20 ndi 105, voliti imodzi yaperewera. Mnzangayo amamvera zamtundu wachiwiriwu kwambiri, ndiye yankho lake linali kadongo ka mavoliti awiri pa kabowo ka 3.5mm, ndipo ta tchipi ya CS43131 kapena CS43198 tambiri timapereka zimenezo pa mtengo wosaopsa. Mphamvu ikaperewera mumadziwira apa: voliyumu ili mmwamba mwenimweni koma mukufunabe kuwonjezera, kapena pa ma ampu ena besi ikagunda mawu amaphwanyika ngati pepala likung'ambika.

Tsopano tengani Audio-Technica ATH-M50x, maomu 38, 99dB. Voliti imodzi ikupereka mamiliwati 26, kuwonjezera 14dB, ndiye 113dB. Yakwana ndi kutsala. Kugulira hedifoni imeneyi kadongo ka mavoliti anayi ndi kugula thilakitala yolimira kadimba ka kuseri kwa nyumba. Timaiyafoni tolowa mkati mwa khutu ndiye timafuna zochepa kuposa apa, vuto lake limakhala lina: timamva kwambiri moti kaphokoso ka ampu yeniyeniyo kamamveka, kaja ka sssss nyimbo ikaima, komanso voliyumu imakhala yovuta, kudina kamodzi yachepa kudinanso yaboola khutu. Kwa timeneti sakani kadongo kachete, makamaka kokhala ndi mabatani ake a voliyumu kapena swichi ya Low gain.

Chenjezo limodzi pa manambalawa: onetsetsani ngati alemba dB/mW kapena dB/V. Pa hedifoni ya maomu 32 ziwirizi zimasiyana ndi 15dB, ndiye kampani ikalemba 120dB osanena kuti pa chani, nambalayo siyikukuuzani kanthu. Ndipo makutu ndi anu, bungwe la WHO limati 80dB ndi yabwino mpaka maola 40 pa sabata, mukakweza nthawiyo imatsika msangamsanga.

Nambala ina yaing'ono yoti muione ndi maomu a kabowo ka kadongo komweko. Lamulo lomwe anthu amatsata ndi lakuti asapitirire gawo limodzi mwa magawo asanu ndi atatu a maomu a hedifoni, ndiye pa maiyafoni a maomu 16 musapitirire 2. Akachuluka, kamvekedwe ka maiyafoni ena kamasintha, besi kapena mawu a pamwamba kupendekeka. Tambiri tabwino tili pansi pa omu imodzi, ndiye sizovutitsa kwenikweni.

Za kadongo ka Apple pali kamsampha. Ka USB-C kali mitundu iwiri yofanana maonekedwe: A2049 yogulitsidwa ku Amereka imatulutsa voliti imodzi, A2155 ya ku Ulaya imatulutsa theka chifukwa cha malamulo a kumeneko oteteza makutu. Ngati m'bale wanu akukutumizirani kuchokera kunja, auzeni awerenge nambalayo pa bokosi. Komanso pa mafoni ambiri a Android kamamveka motsika kuposa pa iPhone, chifukwa kali ndi voliyumu yake yamkati yomwe Android siyimaikweza mpaka kumapeto.

Kabowo kachiwiri ka 4.4mm

Tidongo tokulirapo timakhala ndi mabowo awiri, 3.5mm ndi 4.4mm yomwe amati balansidi. Pa 3.5mm khutu lililonse lili ndi ampu imodzi yokankha, ndipo makutu onse awiri amagawana waya umodzi wobwerera. Pa balansidi khutu lililonse lili ndi ma ampu awiri, wina akukankha wina akukoka, ngati anthu ocheka matabwa, wina pamwamba pa dzenje wina pansi. Zotsatira zake mavoliti amawirikiza, kawirikawiri kuchoka pa 2 kufika pa 4, ndiye 6dB ija. Pulagi ya 4.4mm inayamba kufala ndi zipangizo za Sony cha mu 2016, isanabwere anthu ankagwiritsa 2.5mm yomwe inkathyoka msanga.

Koma kuti mupindule, hedifoni iyenera kukhala ndi chingwe chochotseka cha mawaya anayi osiyana. DT 770 Pro ya mnzanga ija chingwe chake nchomatirira ndipo chimathera pa pulagi wamba, ndiye kabowo ka 4.4mm kwa iye nkongokongoletsa, nchifukwa chake tinayang'ana mavoliti a pa 3.5mm osati nambala yaikulu yomwe amailemba kutsogolo kwa bokosi, yomwe nthawi zambiri imakhala ya balansidi. Ndipo chonde musagule kaadaputa kolowetsa pulagi wamba ya 3.5mm mu kabowo ka 4.4mm. Kamagundanitsa ma ampu awiri okoka aja, mutha kuwotcha kadongo.

Zomwe foni imachita nyimbo isanatuluke

Android ili ndi chosakanizira chimodzi momwe mawu onse amakumana, nyimbo, kulira kwa meseji, mawu a mapu. Kuti zisakanizike ziyenera kukhala pa liwiro limodzi, ndipo mafoni ambiri amasankha 48kHz. Ndiye FLAC yanu ya 44.1kHz imawerengedwanso kukhala 48, ya 192 nayo imatsitsidwa kufika pomwepo. Zili ngati chimanga choyezedwa ndi ndowa wina nkuchiyezanso pa makilo, chimanga nchomwecho koma manambala asintha ndipo pamakhala kakuzungulira pang'ono. Tidongo tina tili ndi kagetsi kosintha mtundu malinga ndi liwiro, ndiye ngati mukusintha nyimbo za 44.1, 96 ndi 192 koma kagetsi kali mtundu umodzimodzi, dziwani kuti foni ikuyezanso.

Ofuna kuti manambala afike ku DAC osakhudzidwa amagwiritsa ma apu okhala ndi dalaivala yawoyawo monga USB Audio Player PRO, yomwe ndi yogula, kapena HiBy Music. Mukabaya kadongo foni imafunsa ngati apu itenge chipangizocho, mukavomera imalankhula nacho mwachindunji, ndipo vuto la voliyumu ya kadongo ka Apple lija limathera pomwepo. Mtengo wake ngwakuti mawu a ma apu ena samvekanso mu mahedifoni nthawi imeneyo, ndipo Spotify kapena Apple Music simungazidutsitse mmenemo. Android 14 ya mu 2023 inatsegula njira yoti izi zizitheka popanda madalaivala apadera, koma zimafuna kuti wopanga foni ndi wopanga apu onse aigwiritse ntchito. Pa iPhone nkhaniyi ndi yofewa, Apple Music imasintha liwiro la DAC yakunja kutsata nyimbo.

Batire, maikolofoni ndi kuthyoka

Kadongo kamadya batire ya foni. Tating'ono ta kachingwe timadya pang'ono, koma ta ma tchipi awiri timatha kukoka cha pa 100mA pa mavoliti 5, lomwe ndi theka la wati. Batire ya 5,000mAh imasunga pafupifupi mawati 19 a ola limodzi, ndiye kadongo kokha kakudya maperesenti awiri kapena atatu pa ola, kupatula zomwe foni ikudya kale. Magetsi akazima tsiku lonse mudzazimva zimenezo, ndipo kumbukirani kuti kabowo kotchajira nkomweko kabayidwa kadongo. Kakamafunda m'manja musadabwe, ndi theka la wati lija. Pa ma iPhone akale a Lightning magetsi otuluka ndi ochepa, tidongo tolusa timakanidwa kapena kudukiza voliyumu ikakwera.

Ngati mumayankha mafoni ndi maikolofoni ya pa chingwe cha maiyafoni, funsani kaye. Totchipa tambiri timalola maikolofoni ndi mabatani, pomwe todula tambiri topangidwira kumvera basi sititero. Ndipo chomwe chimapha tidongo si tchipi, ndi chingwe kuthyokera pakhosi chifukwa chopindika m'thumba, ndiye kokhala ndi chingwe cha USB-C chochotseka mumangosintha chingwecho. Chingwe chakecho chikhale chonyamula deta, zina zotchajira zokha sizigwira.

Zomwe anthu akadatsutsanabe

Loyamba ndi lakuti kodi khutu limasiyanitsadi FLAC ndi AAC ya 256 kapena MP3 ya 320. Pa mayeso omwe womvera sauzidwa kuti iyi ndi iti, anthu ambiri zimawavuta, ena ochepa amakhoza pa nyimbo zina zomwe akuzidziwa bwino. Okonda losilesi amati ngakhale zitero, faelo yathunthu ndi yosungira, mutha kuisandutsa mtundu wina uliwonse mtsogolo osataya kawiri. Mutha kudziyesa nokha ndi mayeso otchedwa ABX, koma voliyumu ya mbali ziwirizo ikhale yofanana ndendende, chifukwa chokwera pang'ono chabe chimamveka ngati chokoma kuposa, ndipo kadongo katsopano kamphamvu kamapambanira pomwepa pa tsiku loyamba.

Lachiwiri ndi la matchipi. Pali gulu lomwe limati ESS imamveka yakuthwa, AKM yofewa, Cirrus Logic ili pakati. Gulu lina, loyeza ndi makina, limati tidongo tiwiri tikakhala kuti zolakwika zake zonse zili pansi pa zomwe khutu lingamve, tikayikidwa pa voliyumu imodzi simungatisiyanitse, ndipo ngati pali kusiyana kukuchokera ku ampu, ku maomu a kabowo, kapena ku sefa yomwe wopanga anasankha. Oyamba aja amayankha kuti makina sayeza zonse zomwe munthu amamva atakhala ndi chipangizo miyezi. Mkangano womwewu uliponso pa kuyezanso kwa Android kuja, kuti kumamveka kapena kumangooneka pa ma girafu, komanso pa balansidi, ngati ili ndi phindu lina kupatula mavoliti pa chingwe cha mita imodzi.

Ndiye pali la Bluetooth. Qualcomm ili ndi aptX Lossless yomwe imati imanyamula mulingo wa CD wathunthu kulumikizana kukakhala kwabwino, koma foni ndi mahedifoni zonse ziyenera kukhala nayo, ndipo ikakumana ndi zosokoneza imatsika yokha nkuyamba kutaya osakuuzani. Ngati zimenezi zidzafike pa mafoni wamba ndi kukhazikika ngakhale mu minibasi yodzaza anthu aliyense ndi foni yake, kapena ngati opanga mafoni a Android adzagwiritsedi ntchito njira ija inatsegulidwa mu Android 14 kuti ma apu a nyimbo azifika ku DAC mwachindunji, mayankho ake sanabwere.